Kuchokera pa sopo wa pa okala kufika pa firiji ya ku Limbe: zimene zimachitika m'maganizo a wogula

Mayi wa ku Chilomoni akatuma mwana kukagula sopo wochapira pa okala ya pafupi ndi nyumba, nkhani yonse imatha m'mphindi zisanu, ndipo pofika madzulo palibe amene amakumbukira kuti panali chisankho chimene chinapangidwa. Mayi yemweyo akafuna kugula firiji, pamatha miyezi iwiri kapena itatu akufunsa anzake, akuzungulira masitolo a ku Limbe ndi a m'tauni, akukambirana ndi amuna awo usiku, ndipo ngakhale firijiyo italowa m'nyumba mtima sukhala pansi msanga. Akatswiri a zamalonda amanena kuti kugula kuwiri kumeneku kumadutsa m'njira imodzi, koma kumasiyana pa kuchuluka kwa maganizo, nthawi ndi nkhawa zimene munthu amaikapo. Kugula koyambako tikutchula kuti kugula kwachizolowezi, ndipo kwachiwiriko tikutchula kuti kugula kolingalira mozama.

Njira imene imaphunzitsidwa m'makoleji a zamalonda ili ndi masitepe asanu: munthu amazindikira kuti akusowa kanthu, amafufuza, amayerekeza zinthu zimene angasankhe, amagula, kenaka amaunika ngati anachita bwino. Maziko a ganizoli amachokera kwa John Dewey wa ku America, amene mu 1910 anafotokoza mmene munthu amaganizira akakumana ndi vuto, ndipo mu 1968 akatswiri atatu, Engel, Kollat ndi Blackwell, anaika ndondomeko yotere pa khalidwe la ogula. Kuloweza masitepe asanuwo n'kosavuta, ndipo wophunzira aliyense angawatchule pa mayeso. Chovuta ndi kuona mmene masitepewo amatambasukira kapena kufupikira, ndi chimene chimachititsa kuti munthu mmodzi yemweyo akhale wosamala kwambiri Loweruka pamene Lolemba anagula ali chothamanga. Kuti zimenezi zioneke bwino, tiyerekeze banja limodzi la ku Chilomoni limene likufuna firiji, ndipo mitengo yonse imene titchule ndi yongoyerekeza kuti masamu ake amveke.

Chosowa sichiyamba chifukwa chakuti chinthu palibe basi. Banja lathuli lakhala zaka zambiri lopanda firiji ndipo silinkadandaula, chifukwa ndiwo zinkagulidwa tsiku ndi tsiku pa msika. Chosowa chimabadwa pamene mpata wa pakati pa mmene zinthu zilili ndi mmene munthu akufunira kuti zikhale wakula mokwanira kumuvutitsa. Mpatawo umakula m'njira ziwiri. Nthawi zina zinthu zimene zinali bwino zimaipa: sopo watha, mbaula yathyoka, foni yagwera m'madzi. Nthawi zina palibe chimene chaonongeka, koma zofuna za munthu n'zimene zakwera. Kwa banja lathu zachitika mwa njira yachiwiriyi: mayi aona kuti mnzawo wa ku banki m'khonde akupeza ndalama pogulitsa mafilizesi ndi thobwa lozizira kwa ana a sukulu m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo kuyambira tsiku limenelo nyumba yopanda firiji yayamba kuoneka yoperewera. Otsatsa malonda amadziwa kusiyana kumeneku. Wogulitsa sopo amangodikira kuti sopo athe ndipo amaonetsetsa kuti dzina la sopo wake likhale loyamba kubwera m'mutu, koma wogulitsa mafiriji, masofa ndi mafoni apamwamba amagwira ntchito yokweza zofuna za anthu, kuti zimene anali nazo dzulo ziwachepere lero.

Kufufuza kumayambira m'mutu. Munthu amadzifunsa kaye zimene akudziwa kale: mayina a katundu amene anawamvapo, zimene zinachitikira achibale, sitolo imene anagulamo kale osadandaula. Pa sopo, kufufuza kumathera pomwepa, chifukwa zimene zili m'mutu n'zokwanira. Pa firiji, zimene zili m'mutu sizikwana, choncho mayi amatuluka kukafunsa. Apa pali chinthu chimene aliyense wochita malonda mu Blantyre ayenera kuchimvetsa: magwero a uthenga salemera mofanana. Chikwangwani cha pa msewu wa Masauko Chipembere ndi kulengeza kwa pa wailesi zimangodziwitsa munthu kuti katunduyo alipo. Chimene chimamutsimikizira ndi mawu a munthu amene sapindula kanthu iye akagula, monga mlamu amene wakhala ndi firiji ya mtundu womwewo zaka zinayi, kapena mmisiri wokonza mafiriji wa ku Ndirande amene amadziwa mitundu imene imabwera kwa iye kawirikawiri itafa kompuresa ndi mitundu imene zipangizo zake zimapezeka mosavuta. Mmisiri wotereyu, ngakhale sanalowepo m'kalasi ya zamalonda, ali ndi mphamvu pa chisankho cha ogula kuposa zikwangwani khumi.

Kufufuza kulinso ndi mtengo wake, ndipo n'chifukwa chake anthu samafufuza mpaka kalekale. Ulendo uliwonse wa pa minibasi kuchokera ku Chilomoni kupita m'tauni, kenaka kukwera ina ya ku Limbe, umadya ndalama ndi theka la tsiku. Munthu amasiya kufufuza akaona kuti zimene angaphunzire pa ulendo wina sizingabweze ndalama ndi nthawi imene angawononge. Herbert Simon, amene anadzalandira mphotho ya Nobel pa zachuma mu 1978, anasonyeza kuti anthu safunafuna chinthu chabwino koposa zonse, koma amaima akapeza chimene chakwanira pa zofuna zawo. Zotsatira zake n'zakuti pa mitundu yambirimbiri ya mafiriji imene ili m'masitolo a mumzinda uno, banja lathu likumva za mitundu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndipo imene likuiganizira moona mtima ndi itatu yokha. Katundu amene sanalowe m'kagulu kakang'ono kameneka waluza kale, ngakhale atakhala wabwino bwanji.

Kuyerekeza ndi pamene pali nkhani yaikulu. Tinene kuti mafiriji atatuwo ali motere. Yoyamba ndi yatsopano, yaikulu, ya K950,000, ndipo sitolo ikupereka chitsimikizo cha chaka chimodzi chakuti ikawonongeka adzaikonza kapena kuisintha. Yachiwiri ndi yatsopanonso ndipo ili ndi chitsimikizo chomwecho, koma ndi yaing'ono, ya K700,000. Yachitatu ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, yaikulu ndithu, ya K480,000, ndipo wogulitsa wangolonjeza pakamwa kuti ndi yabwinobwino. Banjali limaona zinthu zitatu, ndipo silizilemekeza mofanana: kulimba ndi kudalirika kukhale ndi kulemera kwa 5, mtengo 3, kukula 2. Tsopano tipereke malikisi pa 10. Firiji yoyamba ipeza 9 pa kulimba, 3 pa mtengo ndi 8 pa kukula, ndipo tikachulukitsa malikisi alionse ndi kulemera kwake n'kuphatikiza tipeza 70. Yachiwiri ipeza 8, 6 ndi 4, zimene zikupereka 66. Yachitatu ipeza 4, 9 ndi 9, zimene zikupereka 65.

Palibe banja la ku Chilomoni limene limakhala pansi ndi cholembera kuwerengera motere, koma maganizo a munthu amachita zofanana ndi zimenezi akamanena kuti "ndi yodula, komabe ikhalitsa". Iyi ndi njira imene ubwino wa mbali imodzi umaphimba kuipa kwa mbali ina. Pali njira inanso imene siilola kuphimbirana koteroko, ndipo kwa anthu ambiri a kuno imeneyi ndi imene imayamba kugwira ntchito. Banja lathu lasonkhanitsa K750,000, kuphatikizapo ngongole imene mayi atenga ku banki m'khonde. Chilichonse choposa pamenepo chachotsedwa, ngakhale chitapambana pa zina zonse, choncho firiji ya malikisi 70 yatuluka mu mpikisano isanayambe n'komwe kupikisana. Zatsala ziwiri zimene zasiyana ndi malikisi amodzi okha, 66 ndi 65. Kusiyana kochepa kumeneku tikukumbukire, chifukwa kudzavutitsa banjali firiji ikadzalowa m'nyumba.

Onaninso kuti kulemera kumene tinapereka kuja sikukhala kofanana kwa anthu onse a m'nyumba imodzi. Mayi, amene akuganiza za mafilizesi ambiri pa tsiku, angakweze kukula kufika pa 4. Bambo, amene akukumbukira wailesi ya kanema imene inapsa magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pa kuzimazima, angaike pafupifupi zonse pa chitsimikizo. Mikangano yambiri ya m'banja pa zogula zikuluzikulu siichokera pa kusadziwa katundu, koma pa kusiyana kwa zimene aliyense akuopa. Wogulitsa wochenjera amayamba wamvetsera kuti adziwe woyambitsa nkhani ndani, wogwiritsa ntchito ndani, wolipira ndani, ndipo salankhula kwa onse ndi mawu amodzi.

Pa firiji yogwiritsidwapo kale ntchito, wogula wolingalira amayesa kuchepetsa chiopsezo ndi maso ndi manja ake. Amapempha kuti ilumikizidwe ku magetsi iye alipo, amadikira kuti aone ngati mkati mukuziziradi, amamvetsera ngati kompuresa ikulira mosalala kapena ikungoyaka n'kuzima pafupipafupi. Amatseka chitseko atapanira kapepala, ndipo kapepalako kakasololoka mosavuta amadziwa kuti labala wa pachitseko watha ndipo firijiyo idzadya mayunitsi ambiri. Amayang'ana kumbuyo ngati pamalumikizidwe a mapaipi pali mafutamafuta, chifukwa chimenecho chimasonyeza kuti gasi akutuluka. Zonsezi zimathandiza, koma sizingamuuze kuti kompuresayo yatsala ndi miyezi ingati ya moyo. Pali zinthu zimene munthu angazione asanagule, monga kukula ndi dzimbiri, ndipo pali zimene amazidziwa atagwiritsa ntchito basi. Chitsimikizo cholembedwa ndi dzina lodziwika la katundu zimagulitsa chifukwa zimalowa m'malo mwa zimene maso sangaone.

Banja lathu lasankha yaing'ono ya K700,000. Koma kusankha ndi kugula si chinthu chimodzi, ndipo pakati pake pamagwa malonda ambiri. Achimwene a bambo angabwere Lamlungu n'kunena kuti mtundu umenewo ndi wosalimba, ndipo ngati ndi munthu amene mawu ake amamveka m'banjamo, chisankho chimagwedezeka. Kungagwe maliro kumudzi, ndalama zija n'kupita ku bokosi ndi thiransipoti. Mtengo nawonso ungathawe. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera m'masiku ochepa. Munthu amene anali atasunga ndalama zokwanira firiji mu Okutobala anapeza kuti sizikukwananso. Zochitika zoterezi zaphunzitsa ogula a kuno chinthu chimene mabuku olembedwa ku mayiko a mitengo yokhazikika sachitsindika: kuchedwa kugula kuli ndi mtengo wake. N'chifukwa chake mawu akuti "mawa mtengo ukwera" amagwira ntchito kwambiri pakamwa pa ogulitsa a ku Limbe. Nthawi zina amakhala oona, nthawi zina ndi njira yongodulira wogula nthawi yoganiza, ndipo wogula alibe njira yapafupi yosiyanitsira.

Pa tsiku logula pamatulukanso timitengo timene sitinawerengedwe: galimoto yonyamula firiji kukafika nayo ku Chilomoni, anyamata okweza ndi kutsitsa, ndi kachipangizo koteteza firiji magetsi akabwera mwamphamvu. K50,000 imene inatsala ija imathera pamenepa.

Sitepe lomaliza ndi limene ogulitsa ambiri amalinyalanyaza. Firiji yafika, yaimikidwa maola angapo isanayatsidwe kuti mafuta a mu kompuresa akhazikike, ndipo ikugwira ntchito bwino. Komabe pa sabata yoyamba mayi akuona kuti mafilizesi amene akulowamo ndi ochepa kuposa amene ankayembekeza, ndipo maganizo akubwerera ku firiji yaikulu ya K480,000 imene anaisiya. Katswiri wa za maganizo a anthu, Leon Festinger, mu 1957 anafotokoza kusakhazikika kwa mtima kumene munthu amamva akakhala ndi maganizo awiri otsutsana, ndipo pano maganizowo ndi akuti "ndinasankha mwanzeru" ndi akuti "ndinasiya chinthu chimene chinali ndi ubwino woposa". Kusakhazikikaku kumakula ngati ndalama zinali zambiri, ngati chisankho sichingabwezedwe, ngati munthu anasankha yekha mosakakamizidwa, ndiponso ngati zinthu ziwirizo zinali zofanana mphamvu. Malikisi aja a 66 ndi 65 akubwerera pamenepa. Mayi amayamba kufunafuna mawu owatonthoza, ndipo akamva kuti mnansi wina anagula firiji yakale imene inafa patatha miyezi iwiri, nkhaniyo amaifotokoza kwa aliyense wobwera pakhomo. Sitolo imene imaimbira foni wogula patatha sabata kufunsa ngati katundu akuyenda bwino imakhala ikuthandiza kuziziritsa mtima umenewu, ndipo phindu lake limabwera pamene mayiwo asanduka mlamu uja amene ena adzamufunse.

Ngati firijiyo yafadi ndipo sitolo ikukana kukwaniritsa chitsimikizo, nkhani imachoka pa maganizo n'kupita pa malamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a ogula. Koma wodandaula wopanda lisiti ndi pepala la chitsimikizo amayamba ali wofooka, ndipo n'zodabwitsa kuti anthu amene anatha miyezi itatu akufufuza firiji amataya mapepala amenewa pa sabata yoyamba.

Tsopano tibwerere kwa sopo uja. N'kulakwitsa kuganiza kuti kugula kwachizolowezi ndi njira yomweyo ya firiji, yongothamangitsidwa. Dongosolo lenilenilo limatembenuka. Pa firiji, munthu amayamba wadziwa, kenaka amakonda, kenaka amagula. Pa sopo, amangomva dzina mobwerezabwereza, amagula, ndipo maganizo ake pa sopoyo amabwera atachapira kale. Herbert Krugman mu 1965 anaona zimenezi pofufuza zotsatsa za pa wailesi ya kanema: anthu sazimvetsera mwachidwi ndipo sazitsutsa, koma kubwerezabwereza kumachititsa kuti dzina likhale lozolowereka, ndipo pa tsiku logula dzanja limapita ku chozolowereka. Kugula sopo watsopano ndiko kufufuza kwake, chifukwa kumuyesa n'kotsika mtengo kuposa kufunsa anthu za iye. Akapanda kuchita thovu, wogula sadandaula kwa munthu aliyense, sapita ku bungwe lililonse, amangosintha mwakachetechete sabata yotsatira.

Pachifukwa chimenechi, kugula sopo yemweyo kwa zaka zisanu sikutanthauza kuti munthu ndi wokhulupirika kwa sopoyo. Njira yodziwira ndi kuona zimene zimachitika sopoyo akasowa pa okala. Ngati mwana wabwerera ndi sopo wina ndipo mayi sananene kanthu, chinali chizolowezi chabe. Ngati amubweza kuti akayang'ane pa golosale ya kutsogolo, pamenepo pali kukhulupirika kwenikweni. Opanga katundu wa tsiku ndi tsiku amadziwa kuti ogula awo ambiri ali m'gulu loyambalo, choncho nkhondo yawo siili pa kufotokoza ubwino wa katundu, koma pa kuonetsetsa kuti akupezeka pa okala iliyonse ya ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri, kuti paketi yake ikuoneka munthu ali patali, ndiponso kuti pali kapaketi kakang'ono kogwirizana ndi ndalama imene munthu ali nayo m'manja tsikulo. Palinso katundu wotsika mtengo amene anthu amasinthasintha dala, monga mabisiketi ndi zakumwa, osati chifukwa chokhumudwa koma chifukwa chofuna kulawa zina. Katswiri wa zamalonda Henry Assael anagawa khalidwe la ogula m'magulu anayi poona kulingalira kwa wogula ndi kukula kwa kusiyana kwa mitundu ya katundu, ndipo kusinthasintha kumeneku ndi limodzi mwa maguluwo.

Kodi ndi chiyani chimaika chinthu ku mbali imodzi kapena ina? Mabuku ambiri amangolemba mndandanda: mchere ndi machesi mbali iyi, galimoto ndi nyumba mbali inayo. Ine ndikuona kuti mndandanda wotere umasocheretsa, chifukwa kulingalira sikukhala mu katundu, kumakhala mwa munthu ndi m'chiopsezo chimene iye akuchiona. Chiopsezocho chingakhale cha ndalama, cha thanzi, cha manyazi pamaso pa anthu, kapena cha nthawi imene ingatayike chinthu chikapanda kugwira ntchito. Botolo la malita asanu la mafuta ophikira, wogwira ntchito ya malipiro abwino amaliponya mu ngolo ya m'sitolo ku Chichiri osayang'ana mtengo. Mayi wokazinga mandasi ku Ndirande amayerekeza mitengo m'mashopu atatu asanagule botolo lomwelo, chifukwa mpamba wake wonse uli mmenemo. Chitenje chovala pakhomo chimagulidwa mopepuka, koma chitenje cha chinkhoswe chimasankhidwa ndi komiti, chifukwa anthu adzayang'ana. Mankhwala a mwana wodwala angakhale otsika mtengo kuposa paketi ya shuga, komabe kholo limawerenga tsiku lotha mphamvu ndipo limafunsa kawiri.

Chinthu chimodzi chingathenso kusamuka mbali. Pamene shuga anasowa m'masitolo m'miyezi yoyambirira ya 2024, katundu amene anthu ankagula osaganiza anasanduka wofufuzidwa: anthu ankaimbirana mafoni kufunsana kumene wapezeka, ankaima pamizere, ankayerekeza mitengo ya pa msika ndi ya m'sitolo. Masitepe onse asanu anaonekera poyera pa paketi imodzi ya kilogalamu. Kusamuka kumachitikanso mobwerera. Wamalonda amene amagula mabelo a kaunjika mwezi uliwonse anavutika maganizo pa belo loyamba, chifukwa belo limagulidwa lomanga ndipo zamkati zimadziwika litatsegulidwa, koma pofika pa belo la makumi awiri amangotumiza ndalama pa foni kwa wogulitsa yemwe anamuzolowera.

Mayi a ku Chilomoni aja, firiji itakhazikika, tsopano amagula shuga, timapepala ta pulasitiki ndi zokometsera za mafilizesi sabata iliyonse. Timapepalato amatuma mwana. Shuga, amene kale ankatumanso mwana yemweyo pa okala, tsopano amakagula okha ku Limbe pa mtengo wopikulitsa, atawerengera kuti paketi imodzi itulutsa mafilizesi angati ndiponso kuti ngongole ya ku banki m'khonde yatsala masabata angati.